Ndinamugwaditsa pa Foni

Ndinakhululukira munthu amene sanapepese kwa ine. Uthenga unalowa ndili kuseri kwa nyumba ndikusenda chinangwa, ndipo nditaona mzere woyamba wa Chingerezi, wakuti amalume ndalakwa kwambiri, mtima unasungunuka. Ndinapukuta manja pa buluku, n'kuyankha msangamsanga m'Chingerezi changa cha m'manyuzipepala akale kuti mwana wanga ndakukhululukira ndi mtima wonse, usadandaulenso. Nditatumiza m'pamene ndinatsitsa uthengawo mpaka pansi. Mzere womaliza unkati: chonde mundiikire mawu awa m'Chichewa, ndikufuna kuwatumiza kwa amalume aakulu.

Iye anayankha mwaulemu kuti zikomo, koma ndi a amalume enawo. Mayi a kunyumba anaseka mpaka anakhala pansi.

Wolembayo anali mwana wa mlongo wathu, mwamuna wa zaka zopitirira makumi atatu, wokhala ku Joni. Bambo ake anali mkamwini pamudzi pathu, chakuno kwa Milonde. Ukwati utatha, chaka cha njala, anabwera kudzapempha mwanayo kuti akamuphunzitse ku Joniko. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndipo achimwene anga aakulu, amene ndiwo mwini mbumba, anakana. Koma mlongo wathu anavomera yekha, n'kumukweza minibasi mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri atavala malaya a msuweni wake. Chichewa chinamuthera kumeneko. Anatsala ndi moni, zikomo, ndi mayina a ndiwo ziwiri zitatu. Atakula n'kupeza nambala yanga, akaimba foni ine ndinkakhala pakati, kutembenuzira mayi zonena za mwana ndi mwana zonena za mayi.

Ntchito imeneyi inandigwera chifukwa pamtundu pathu ndine ndimatchedwa wodziwa Chingerezi. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Chotsalacho ndinatola ndikugwira ntchito yophika kunyumba ya bwana wina ku esiteti ya tiyi, kumene mabuku othothoka zikuto ankandipatsa kuti ndiziyatsira moto, ine n'kumawabisa m'malaya. Ndili ndi dikishonale imene masamba oyambirira anadyedwa ndi chiswe, choncho mawu onse oyamba ndi A ndimangowaganizira.

Mlongo wathu anadwala miyezi inayi. Katatu konse anandiuza kuti ndimuitane mwanayo, ndipo katatu konse iye anati akubwera mwezi wamawa. Tinaika maliro mvula ili pakati, iye kulibe. Achimwene ananena pasiwa pomwepo, anthu akumva, kuti munthu ameneyo asadzaponde pakhomo paja. Mawu amenewo anali ndi mano, chifukwa kumanda kwathu munthu salowa yekha ngati m'munda. Mwini mbumba ndiye amakapempha kwa amfumu, adzukulu n'kutsegula njira, wina n'kuloza kuti ndi apa. Popanda achimwene, mwanayo sakanaona pamene mayi ake anagona. Ndicho chimene uthenga uja unkapempha.

Ndinauwerenga kasanu. Unali wautali, wolembedwa ndi munthu amene anaganizapo masiku ambiri. Anayamba n'kupepesa kuti sanabwere. Kenako anafotokoza kuti pasipoti yake inali itatha, kuti akanatuluka sakanaloledwa kubwereranso, ndipo mkazi wake anali ndi pakati potopa. Pambuyo pake panali mizere iwiri imene ndinaimapo nthawi yaitali. Anati akufuna kunena zoona: kwa zaka zambiri anali ndi mkwiyo ndi mayi ake chifukwa anamupereka ali mwana, ndipo mwina mkwiyo umenewo unamuchedwetsa kuposa pasipoti. Anati akuchita nazo manyazi, ndipo akupempha kuti amulole adzaone manda.

Poyamba ndinatembenuza liwu ndi liwu pa pepala la kope. Nditawawerengera mayi a kunyumba, anati zikumveka ngati munthu wakuponda phazi mu minibasi, akupepesa koma akukuuzanso kuti phazi lako linali panjira. Ankanena zoona. M'Chingerezi, munthu akafotokoza chifukwa chake amaoneka kuti wakulemekeza, wakutsegulira mtima. Kwathu, wamng'ono akalakwira wamkulu amayamba wadzitsitsa, osatchula chifukwa. Chifukwacho chimadikira mpaka wamkulu afunse yekha kuti nanga chinachitika n'chiyani. Ukachitsogoza, ndiye kuti sukupepesa, ukudziteteza.

Ndiye ndinalemba kachiwiri, n'kupitirira muyeso. Ndinamutcha mwanayo galu, chitsiru, wosayenera kutchedwa mwana wa munthu. Ndinaikamo misozi, fumbi, ndi mawu ena amene ndinawabwereka ku mapemphero a Lachisanu. Ine ndinaona ngati ndalemba chinthu chokongola. Mayi a kunyumba anati mawu otero amanena ndi wakuba mbuzi atagwidwa, anthu atamuzungulira, ndipo achimwene akawamva adzati akuwaseka.

Kachitatu ndinachotsa galu ndi fumbi. Ndinachotsanso pasipoti, pakati pa mkazi wake, ndi mizere iwiri ija. Ndinadziuza kuti pali chifukwa chomveka: kafoni ka achimwene ndi ka mabatani, uthenga ukatalika umaduka zidutswa, ndipo Chichewa chimadya malo kuposa Chingerezi. Koma chenicheni n'chakuti ndinkaopa. Munthu sanena kuti anakwiyira mayi ake, mayiwo ali m'manda, kwa mlongo wawo amene anawasunga mpaka tsiku lomaliza. Chinatsala ndi ichi:

"Atsibweni, ndine mwana wanu. Ndalakwa. Amayi anandiitana, sindinabwere. Munawaika ine kulibe. Ndilibe chifukwa choti ndinene. Ndagwada pamaso panu, mundikhululukire. Mukandilola, ndidzaone pamene anagona."

Mayi a kunyumba anagwedeza mutu kuti apa ndiye mwalasa. Ngakhale lero ndimati muyeso wake unali wabwino, sunali wodzikweza, sunali wokwawa. Vuto lake linali limodzi, koma tsiku limenelo sindinalione.

Ndinamutumizira mwanayo. Patapita kanthawi anafunsa kuti bwanji ndi waufupi chotere, kodi zonse zalowamo? Ndinamuyankha kuti Chichewa ndi chotero, chimanena zambiri ndi mawu ochepa. Ndinanama, ndipo ndinanama monyadira, ngati mphunzitsi. Iye anakopera mawuwo n'kuwatumiza ku nambala ya achimwene.

M'mawa mwake achimwene anafika kwanga pa njinga, kafoni kali m'thumba la malaya. Maso awo anayamba kuchita mdima chifukwa cha shuga, choncho mauthenga onse amabwera nawo kwa ine. Ndinakhala pakhonde langa n'kuwawerengera mawu anga omwe, ndikuchita kukakamira pena ndi pena ngati ndikuwaona koyamba. Anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Anafunsa ngati mwanayo wapeza Mmalawi womulembera, ine n'kunena kuti ku Joni kuli anthu akwathu ambiri, mwina wina wamuthandiza kalembedwe, koma mtima ndi wake.

Anayang'ana kuphiri. Kenako anati magazi sasochera, mwanayo akudziwa kuti kuli akuluakulu. Anati ndimuuze abwere.

Anabwera mu Juni, chiperoni chitagwira masiku atatu, phiri losaoneka n'komwe. Kuntchito anamupatsa masiku ochepa, ndipo ambiri anathera m'basi. Ndinakamuchingamira pa siteji ku Chitakale. Anatsika mwamuna wamtali, wa mphumi ya mayi ake ndendende, moti ndinayamba ndayang'ana kumbali. Anandikumbatira pakati pa anthu. M'chikwama anali ndi nkhata ya maluwa a pulasitiki imene anaisunga pamiyendo ulendo wonse kuti isaphwanyike.

Apa ndi pamene ndikanamuuza. Tinakhala limodzi mu minibasi, mapewa atagundana, nthawi yokwanira kumuphunzitsa zonse: kuti akafika asapereke dzanja ataimirira, agwade chapatali, chipewa m'manja, maso pansi, asakhale pampando ngakhale ataupeza wopanda munthu. Koma kumuuza kuti agwade kunali kumuuzanso kuti ndinamugwaditsa kale iye osadziwa. Ndinangoti akavule chipewa ndipo asafulumire kulankhula. Nthawi yotsalayo ndinamuonetsa minda ya tiyi ndi kumufotokozera mayina a mitsinje.

Abale anatidikira panyumba ya malemu. Achimwene anakhala pampando pakhonde, atavala jekete la ku tchalitchi. Azimayi a pamtundu anakhala pamkeka chapambali, atafunda zitenje chifukwa cha kuzizira. Panali mpando wina umodzi, umene anaikira ine, ndi mphasa yoyala patsogolo pa achimwene, yopanda munthu. Aliyense pabwalopo ankadziwa ntchito ya mphasayo, kupatula mwini wake.

Chipewa anavuladi. Kenako anayenda molunjika, kuponda pamphasa paja ndi nsapato, n'kutambasula dzanja limodzi ataimirira, akumwetulira ndi misozi m'maso, akuwayang'ana achimwene m'maso mwenimweni. Anati, “Muli bwanji, malume,” mawu amene ndikhulupirira anawayeserera njira yonse. Achimwene analandira dzanjalo mochedwa. Iye anatembenuka, n'kuona mpando uja, n'kukhalapo. Ine ndinatsala chiimire, kenako ndinakhala pa njerwa.

Madzi ankadontha kuchokera kudenga. Achimwene anatulutsa kafoni kaja n'kukagwira m'manja, osakayatsa.

“Mufunse,” anatero kwa ine, “maondo amene anagwada m'foni muja wawasiya ku Joni?”

Ndinatembenuza kuti amalume akufunsa ngati wayenda bwino.

Iye anayankha kuti wayenda bwino, ndipo anapitiriza ndi mtima wonse. Anathokoza amalume chifukwa chomvetsa za pasipoti. Anati koposa zonse akuthokoza kuti anawerenga zimene analemba zokhudza mayi ake, zinthu zimene sanauzepo munthu wina aliyense, koma anamuitanabe. Anati tsiku limene yankho linafika analira kuntchito.

Anamaliza n'kundiyang'ana kuti nditembenuze. Achimwene nawo anandiyang'ana. Chingerezi sadziwa, koma anagwira ntchito zaka zambiri pansi pa akapitawo, ndipo amadziwa kutalika kwa zimene munthu wanena. Liwu lakuti pasipoti analimvanso. Anandifunsa kuti pasipoti yatani, ndipo za mayi ake wati chiyani.

Ndikanatha kunamanso. Ndinali nditazolowera. Koma ndinaona kuti ndikanama pamenepa ndidzanama mpaka kumanda, nditaimirira pakati pa anthu awiri, aliyense akulankhula ndi munthu amene ndamupanga ine. Ndinatulutsa foni yanga, n'kupeza uthenga wa Chingerezi uja, n'kuutembenuza wonse pamaso pa mbumba, mzere ndi mzere, osasiya kanthu. Pamene ndinafika pa mkwiyo uja, mmodzi wa azimayi anaphimba nkhope ndi chitenje.

Achimwene anafunsa kuti nanga mawu amene ndinawawerengera pakhonde panga aja anali a yani. Ndinati anali anga.

“Ndiye ndinakhululukira iwe,” anatero. “Iwe unali pamaliro. Unanyamula nawo bokosi. Ndikukhululukire chiyani?”

Mwanayo anaona kuti zinthu zasintha, ndipo anandigwira pamkono kufunsa chimene chikuchitika. Ndinayenera kuchitanso ntchito yomweyo chobwerera. Ndinatenga Chichewa changa chokongola chija n'kuchibwezera m'Chingerezi, iye akumva. Ndine mwana wanu. Ndagwada. Anamvetsera osagwedezeka. Pamene ndinati ndilibe chifukwa choti ndinene, anandiimitsa kuti ndibwereze. Kenako anafunsa, motsitsa mawu, ngati amalume ankadziwa za pasipoti, za mkazi wake, za zinazo, pamene anati abwere. Ndinati ayi, amva lero.

Anayang'ana mphasa ija, ndipo ndikuganiza kuti m'pamene anazindikira ntchito yake.

Achimwene analankhula nthawi yaitali, ndipo ndinatembenuza zonse, chifukwa mphamvu zosankha zinali zitandithera. Anati iwo anakana kuti mwanayo apite, ndipo mlongo wawo anawanyoza n'kumupereka chifukwa m'nyumba munalibe chakudya, ana awiri a pamudzi pomwepo anali ataikidwa kale mwezi umenewo. Anati mayiyo chaka chilichonse nyengo ya Khirisimasi ankapita kukakhala pa siteji kuyang'ana otsika. Anati munthu wakwera basi masiku awiri kudzaimba mlandu wakufa, amene sangayankhe. Mawu awo sanakwere. Akanakalipa zikanakhala bwino.

Pomaliza anati sakumuthamangitsa. Mphasa ndi imeneyo. Agwade, anene ndi pakamwa pake mawu amene ali m'foniwo, ngakhale mowatsatira ine liwu ndi liwu, ndipo mawa m'mawa iwo apita kwa amfumu.

Ndinamuuza, ndipo ndinawonjezera zanga. Ndinamuchonderera kuti ndi mawu ochepa, atha msanga, zotsalazo tidzakamba pambuyo. Ndinati kugwada kwathu kuno si kugonja, ndi khomo chabe lolowera.

Anati kugwada sakukana. Ndikanamuuza mu minibasi, akanagwada kuyambira kumsewu. Anati anena kuti analakwa kusabwera, anena kakhumi ngati akufuna. Koma sanganene kuti alibe chifukwa. Anakhala zaka zonsezo m'nyumba ya mayi womupeza, akufunsa chimene analakwa kuti amupereke, ndipo kanali koyamba kuti alimbe mtima kuzinena. Sangagwade kuti afafanize zimenezo.

Ndinawapempha achimwene kuti tichotse mzere umodzi umenewo. Anati mzere umenewo ndiwo unawachititsa kuvomera. Ndinabwerera kwa mwanayo. Anapukusa mutu. Ndinapita uku ndi uku kangapo, mtunda wa mapazi atatu, mawu akucheperachepera, mpaka panalibenso choti nditembenuze. Achimwene anaimirira, n'kuika kafoni m'thumba, n'kukankha njinga yawo osaikwera. Azimayi anabweretsa chakudya, chifukwa mlendo ndi mlendo, koma chinabwerera momwe chinabwerera.

Mwanayo anakana kugona kwanga. Anakagona ku nyumba ya alendo ku Chitakale. M'mawa anabweranso pa njinga yamoto, ndipo ndinayamba kuganiza kuti wasintha maganizo, koma anangondipempha kuti ndimuonetse kumene kuli manda. Ndinapita naye pamsewu wa kumunsi, pamene munda wa nandolo umathera. Kuchokera pamenepo umaona nkhalango yaing'ono ya mitengo italiitali, patsidya pa khwawa. Ndinaloza. Anafunsa kuti chakuti, kumanja kapena kumanzere. Ndinati chakumanzere, pafupi ndi mtengo wautali kwambiriwo, ngakhale kuti m'nkhungumo mitengo yonse inkaoneka yofanana.

Anaima pamenepo mwina theka la ola. Wa njinga yamoto anazimitsa injini. Nkhata ija mwanayo anandipatsa ine, osanena kuti ndichite nayo chiyani. Pokwera anandigwira dzanja, osati mwaukali, n'kunena kuti akudziwa kuti ndinkafuna kumuthandiza. Ndikanakonda akanandinyoza.

Kuchokera tsiku limenelo sanalembenso. Mauthenga anga amaonetsa kuti awerengedwa. Achimwene nawo anasiya kubwera ndi kafoni kawo kwa ine. Ndimamva kuti amawawerengera ndi mkulu wa mpingo. Shuga yawatsitsa kwambiri achimwenewo chaka chino, ndipo sindidziwa kuti akadzapita iwo, wotsegula njira ija adzakhala ndani, chifukwa wotsatira pa mbumba ndine, ndipo sindikhulupirira kuti mwanayo angadzakwerenso basi chifukwa cha mawu anga.

Patapita sabata mwanayo atachoka, ndinali kukonza mpanda wa kudimba pamene aneba anga anaima panjira ndi mtolo wa nsungwi. Ndi bambo wachikulire amene anathyola tiyi moyo wake wonse, sadziwa kulemba ngakhale dzina lake, ndipo nkhaniyo anali ataimva kale kuchigayo kudzera kwa akazi awo. Anatula mtolowo, n'kundipempha fodya, ngakhale akudziwa kuti sindisuta. Ndinayamba kudziteteza. Ndinawafotokozera za mapepala atatu aja, za galu ndi fumbi, za mmene ndinayezera mawu kuti asakwere kapena kutsika kwambiri. Ndinati uthenga weniweniwo ukanafika momwe unalili, achimwene akanaphwanya foni.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza, akutokosa m'mano ndi kachitsotso.

“Akanaphwanyadi,” anatero. “Akanatukwana mwezi umodzi, mwina iwiri, mwana ali kutali osamva. Kenako akanatopa, n'kubwera kwa inu kuti tawerenganinso paja ananena za mayi ake. Akuluwo ndimawadziwa, tinakulira limodzi. Pofika Juni akanakhala atameza kale. Koma inu aneba munawasungira zonse kuti adzazimve tsiku limodzi, pamaso pa azimayi, mwana ali pampando.”